Kupeza Tsiku la Nc'wala ndi Masiku Ena a Kumapeto kwa Febuluwale M'chaka cha Masiku 366

Mwambo wa Nc'wala wa Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni umachitikira ku Mtenguleni pa Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale. Loweruka limenelo, kapena Chiweru monga ambiri amanenera kuno ku Chipata, lilibe deti lokhazikika. Mu 2024 linali pa 24, mu 2025 pa 22, mu 2026 pa 28. Munthu amene akusungitsa chipinda chogona, kupempha tchuthi kuntchito kapena kulankhula ndi mwini basi miyezi isanakwane ayenera kudziwa deti lenileni, ndipo pamene anthu amaphonyera kwambiri ndi pozungulira chaka chimene Febuluwale amakhala ndi masiku 29. Malangizo awa ndi a mmene mungalipezere deti limenelo ndi pensulo ndi kapepala, komanso mmene tsiku la 29 limasunthira masiku ena oyandikana nalo.

Choyamba: dziwani ngati Febuluwale wa chaka chimenecho akuthera pa 28 kapena pa 29

Dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Maola otsalawo amaunjikana, ndipo pakatha zaka zinayi amakwana pafupifupi tsiku lathunthu, limene limaikidwa kumapeto kwa Febuluwale. Chaka choterocho chimakhala ndi masiku 366, ndipo m'malangizo muno tizichitchula kuti chaka chachitali.

Tengani nambala ya chaka mugawe ndi 4. Ngati sipatsala kanthu, chakacho n'chachitali. Simufunika kugawa nambala yonse, manambala awiri omalizira akukwanira: 24, 28, 32 ndi 36 amagawika ndi 4, choncho 2024, 2028, 2032 ndi 2036 ndi zaka zazitali. 2026 ayi, chifukwa 26 mukamugawa ndi 4 amatsala 2. Lamuloli lili ndi pokhotera pamodzi. Chaka chothera ndi maziro awiri chimakhala chachitali pokhapokha chikagawika ndi 400. N'chifukwa chake 2000 chinali chachitali, 1900 sichinali, ndipo 2100 sichidzakhala. Pokhoterapa panabwera ndi kalendala ya Papa Gregory XIII mu 1582, poti maola otsala aja sakwana asanu ndi limodzi enieni, amaperewera ndi mphindi pafupifupi 11.

Chachiwiri: onani kuti tsiku lanu linamangidwa pa chiyani

Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa masiku onse a mu Febuluwale sasunthidwa mofanana. Alipo omangidwa pa deti, monga 14 Febuluwale: deti silisintha, chimasintha ndi tsiku la mlungu. Alipo omangidwa pa tsiku la mlungu, monga Nc'wala: Loweruka silisintha, chimasintha ndi deti. Alipo omangidwa pa mathero a mwezi, monga tsiku lokumbukira matenda osowa limene mayiko amalisunga pa tsiku lomaliza la Febuluwale. Linayamba pa 29 Febuluwale 2008, ndipo m'zaka wamba limagwa pa 28. Kenako pali amene amawerengedwa chobwerera kuchokera ku tsiku lina, monga Lachitatu la Phulusa lochokera ku Pasaka.

Musanawerenge chilichonse, lembani pamwamba pa kapepala mawu enieni a lamulo la tsikulo. "Loweruka lomaliza" ndi "Loweruka lachinayi" zimamveka ngati chinthu chimodzi, koma tiona m'munsimu kuti pali chaka chimene zimasiyana ndi mlungu wathunthu.

Chachitatu: pezani tsiku la mlungu limene Febuluwale akutherapo

Njira yosasokoneza ndi kugwira tsiku lomaliza la mwezi, kaya ndi 28 kaya 29, n'kumaliyendetsa chaka ndi chaka. Chaka wamba chili ndi milungu 52 ndi tsiku limodzi lapadera, ndiye tsiku lomaliza la Febuluwale limasuntha ndi tsiku limodzi la mlungu. Mukalowa m'chaka chachitali limasuntha ndi masiku awiri, popeza mweziwo wawonjezeka.

Yambirani pa chaka chosavuta kukumbukira. Mu 2026 Febuluwale akuthera pa 28, Loweruka. Mu 2027 ndi pa 28, Lamulungu. 2028 n'chachitali, ndiye tilumpha Lolemba n'kufika Lachiwiri, pa 29. Mu 2029 tibwerera ku sitepe imodzi, Lachitatu pa 28. Mu 2030 Lachinayi, mu 2031 Lachisanu, ndipo mu 2032 tilumpha Loweruka n'kugwera Lamulungu pa 29.

Pali kachinsinsi kamene kamathandiza anthu a ku Zambia kuno kutsimikiza yankho lawo. Kuchokera pa tsiku lomaliza la Febuluwale kufika pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa dziko lino, pali masiku 238, amene ndi milungu 34 yathunthu. Choncho masiku awiriwa amagwa pa tsiku limodzi la mlungu chaka chilichonse, chachitali kaya wamba. Mu 2024, 29 Febuluwale linali Lachinayi, ndipo 24 Okutobala linalinso Lachinayi. Ngakhale mu 1964 momwe, chaka cha ufulucho, chimene chinali chachitali, masiku onse awiri anagwa Loweruka. Ngati mukukumbukira tsiku limene chikondwerero cha ufulu chinagwa chaka chatha, muli kale ndi poyambira: onjezani tsiku limodzi, kapena awiri ngati chaka chino n'chachitali.

Chachinayi: bwererani m'mbuyo mpaka Loweruka

Tsopano chotsani masiku pa deti lomaliza lija. Mwezi ukathera Loweruka simuchotsa kanthu. Ukathera Lamulungu chotsani 1, Lolemba 2, Lachiwiri 3, Lachitatu 4, Lachinayi 5, Lachisanu 6.

Tiyeni tichite 2028 pang'onopang'ono, poti ndicho chaka chachitali chotsatira 2024. Nambala 28 imagawika ndi 4, ndiye mwezi ukuthera pa 29. Tsiku la 29 lapezeka kuti ndi Lachiwiri. Pa Lachiwiri timachotsa 3, ndipo 29 kuchotsa 3 ndi 26. Loweruka lomaliza ndi 26 Febuluwale 2028. Kuti mutsimikize, wonjezani 7 pa yankho lanu: 26 kuphatikiza 7 ndi 33, ndipo Febuluwale safika 33, ndiye palibe Loweruka lina kutsogolo. Yankho lililonse limene mutaliwonjezera 7 likukwanabe m'mwezimo ndi lolakwika, mwaima mlungu umodzi m'mbuyo.

Mukachita zomwezo pa zaka zoyandikana, mupeza izi:

2026: 28 Febuluwale
2027: 27 Febuluwale
2028: 26 Febuluwale
2029: 24 Febuluwale
2030: 23 Febuluwale
2031: 22 Febuluwale
2032: 28 Febuluwale

Yang'anitsitsani mndandandawu, chifukwa ukusonyeza cholakwa chimene chimagwira ngakhale anthu ozolowera kuwerenga. Ambiri amaganiza kuti deti limalumpha m'chaka chachitalicho. Sizili choncho. Kuchokera 2027 kupita 2028 deti latsika ndi limodzi lokha, 27 kupita 26. Kulumpha kwabwera chaka chotsatira, 26 kupita 24, ndipo 25 wasiyidwa. Chifukwa chake n'chakuti pa 26 Febuluwale 2028 tsiku lowonjezera lija limakhala lisanafike, likadali masiku atatu kutsogolo. Limayamba kukankha zinthu pa 1 Malichi, ndipo Febuluwale amadzamva kukankhako chaka chinacho. Zinachitikanso chimodzimodzi pakati pa 2024 ndi 2025, pamene Loweruka lomaliza linachoka pa 24 kupita pa 22. Amene anangochotsa tsiku limodzi pa deti la chaka chapitacho anapeza 23, limene mu 2025 linali Lamulungu. Kufika ku Mtenguleni pa 23 kukanakhala kupeza fumbi la ngoma litagwa kale, ng'ombe yakuda itabayidwa dzulo lake, anthu akumanga katundu.

Palinso kulumpha kwina kumene sikuchokera ku chaka chachitali konse. Deti likatsika kufika pa 22, chaka chotsatira silipita pa 21, chifukwa Loweruka la pa 21 limakhala ndi linzake pa 28. Ndicho chifukwa 2025 inali pa 22 koma 2026 pa 28, ndipo zidzateronso pakati pa 2031 ndi 2032. Malire ake ndi awa: m'chaka wamba Loweruka lomaliza limagwa pakati pa 22 ndi 28, m'chaka chachitali pakati pa 23 ndi 29. Wina akakuuzani deti lakunja kwa malire amenewa, mufunseni kumene walitenga.

Chaka cha Maloweruka asanu

Febuluwale wa masiku 28 ndi milungu inayi yokwana ndendende, choncho tsiku lililonse la mlungu limapezeka kanayi, ndipo Loweruka lachinayi ndilo lomaliza. Mwezi ukakhala wa masiku 29, tsiku limodzi la mlungu limapezeka kasanu, ndipo ndi tsiku limene mwezi wayambira. Mu 2028 mwezi ukuyamba Lachiwiri n'kuthera Lachiwiri, ndiye Loweruka silikhudzidwa. Koma mu 2020 Febuluwale anayamba Loweruka, ndipo Maloweruka anali pa 1, 8, 15, 22 ndi 29. Loweruka lachinayi linali pa 22, lomaliza pa 29. Kusiyana kwa mlungu wathunthu kumeneku n'kokwanira kuti munthu alipire chipinda ndi thiransipoti pachabe.

Zoterezi zimabwera kamodzi pa zaka 28: 1964, 1992, 2020, ndipo zidzabweranso mu 2048. N'zapatalipatali, inde, koma mpingo, kalabu kapena komiti imene ikulemba malamulo a msonkhano wake wa pachaka iyenera kusankha mawu amodzi n'kuwalemba momveka. Kwa amene amasonkhana Lamulungu lomaliza la Febuluwale nkhaniyi ili pafupi, chifukwa mu 2032 mwezi udzayamba Lamulungu, ndipo Lamulungu lachinayi lidzakhala pa 22 pamene lomaliza lidzakhala pa 29.

Kukonza ulendo wa 2028

Tiyerekeze banja likuchokera ku Lusaka, kapena ku Lilongwe kudzera pa chipata cha Mwami, kudzaonerera Nc'wala ya 2028. Tsiku lalikulu mwa kuwerenga kwathu ndi Loweruka pa 26. Zochitika zimayamba tsikulo lisanafike, kuphatikizapo ulendo wa mfumu kuchoka ku nyumba yake yachifumu ku Ephendukeni kupita ku Mtenguleni, ndiye tinene kuti banjalo likufuna kufika ku Chipata Lachinayi pa 24 n'kubwerera Lamulungu pa 27. Amenewo ndi mausiku atatu: wa pa 24, wa pa 25 ndi wa pa 26. Wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu apemphe masiku awiri, 24 ndi 25. Mpaka apa tsiku la 29 silinalowerere.

Limalowerera ngati wina atsalira kumudzi kukaona abale mpaka tchuthi cha Tsiku la Amayi pa 8 Malichi. Powerenga masiku odutsa malire a mwezi, werengani mbali ziwiri padera. Kuchokera pa 26 kufika pa 29 ndi masiku atatu, kuphatikiza asanu ndi atatu a mu Malichi, onse pamodzi 11. M'chaka wamba madeti omwewo akanapereka 10. Tsimikizani ndi masiku a mlungu: Loweruka kuwonjezera masiku 11 ndi Lachitatu, ndipo 8 Malichi 2028 ndi Lachitatu. Pa fomu ya tchuthi, masiku ogwira ntchito pakati pa Nc'wala ndi pa 8 Malichi ndi Lolemba 28, Lachiwiri 29, kenako 1, 2, 3, 6 ndi 7 Malichi, onse asanu ndi awiri. Amene aiwala 29 amalemba asanu ndi limodzi, ndipo tsiku limodzilo limadzaoneka ngati wajomba kuntchito.

Tchuthi cha mu Malichi chimalumpha m'chaka chachitalicho, mosiyana ndi masiku a mu Febuluwale. 8 Malichi ndi Lolemba mu 2027, koma mu 2028 ndi Lachitatu. Tsiku la Achinyamata, 12 Malichi, ndi Lachisanu mu 2027 ndipo mu 2028 ndi Lamulungu, pamene mwachizolowezi cha dziko lino tchuthi chogwa Lamulungu chimapumidwa Lolemba lotsatira. Yerekezani ndi 14 Febuluwale: Lamulungu mu 2027, Lolemba mu 2028, kenako Lachitatu mu 2029. Mzere wogawa ndi tsiku la 29 lenilenilo. Za m'mbuyo mwake zimalumpha chaka chotsatira, za kutsogolo kwake zimalumpha chaka chomwecho.

Ogulitsa malonda aikepo mtima pa deti limeneli pa chifukwa china. Nc'wala ya pa 22 kapena 23 imapeza anthu amene amalandira malipiro kumapeto kwenikweni kwa mwezi asanalandire, pamene ya pa 27 kapena 28 imawapeza ambiri ali ndi kanthu m'thumba. Wooda nkhuku, zitenje kapena zakumwa aone kaye mbali imene deti lagwera asanaganize za kuchuluka kwa katundu.

Chenjezo limodzi lofunika: kuwerenga konseku kumakupatsani Loweruka lomaliza la mwezi, osati chilolezo cha mwambo. Tsiku la Nc'wala amalengeza ndi a ufumu ndi okonza mwambowo. Werengani kuti mukonzekere msanga, koma musanapereke ndalama yosabwezedwa, dikirani chilengezo mufananize ndi deti lanu.

Masiku owerengedwa chobwerera kuchokera ku Pasaka

Lachitatu la Phulusa, poyambira nyengo ya Lenti, limabwera masiku 46 Pasaka isanafike. Pasaka ikafulumira, kuwerengako kumadutsa malire a Malichi kulowa mu Febuluwale, ndipo kutalika kwa mwezi kumakhala ndi ntchito. Zaka za 2027 ndi 2032 zimaonetsa bwino, chifukwa zonse ziwiri Pasaka ili pa 28 Malichi. Chotsani masiku 28 a mu Malichi pa 46, atsala 18, ndipo mwaima pa tsiku lomaliza la Febuluwale. Mu 2027 tsikulo ndi 28, ndiye 28 kuchotsa 18 ndi 10 Febuluwale. Mu 2032 ndi 29, ndiye 29 kuchotsa 18 ndi 11 Febuluwale. Pasaka deti limodzi, Phulusa madeti awiri osiyana.

Cholakwa apa sichibisala ngati muyang'ana tsiku la mlungu. Mu 2024 Pasaka inali pa 31 Malichi. Wogwiritsa ntchito 28 akanapeza 13 Febuluwale, limene linali Lachiwiri, ndipo Lachitatu la Phulusa silingagwe Lachiwiri. Yankho loona linali 14. Mu 2028 vutoli kulibe, poti Pasaka ili pa 16 Epulo ndipo masiku 46 akuthera pa 1 Malichi, osalowa mu Febuluwale.

Tsiku lomangidwa pa 29 penipeni

Ukwati, kubadwa kwa mwana kapena kutsegulidwa kwa tchalitchi kukachitika pa 29 Febuluwale, chikumbutso chake chimasowa deti zaka zitatu mwa zinayi. Pali njira ziwiri, ndipo zonse n'zomveka. Mukasankha 28, mwasunga mwezi. Mukasankha 1 Malichi, mwasunga kuwerenga kwa masiku, chifukwa 29 Febuluwale ndi tsiku la 60 la chaka chachitali, ndipo tsiku la 60 la chaka wamba ndi 1 Malichi. Pa chikondwerero cha pabanja, 28 ndi yabwino poti anthu amakumbukira mwezi msanga kuposa nambala. Chofunika n'chakuti mugwirizane kamodzi n'kulemba, kuti abale a ku Katete asabwere tsiku lina, a ku Lundazi tsiku lina. Pa nkhani za pangano, ngongole kapena lendi musalembe 28 kapena 29. Lembani kuti "tsiku lomaliza la Febuluwale", mawu amene amagwira chaka chilichonse.

Pa foni ndi pa kompyuta

Kalendala ya pa foni imadziwa zaka zazitali, koma imachita zimene mwaiuza. Mukalemba Nc'wala pa 27 Febuluwale 2027 n'kuiuza kuti izibwereza chaka chilichonse, imabwereza deti, osati Loweruka, ndipo mu 2028 idzakuimbirani belu Lamulungu, mwambo utatha dzulo. N'kwabwino kulemba chaka chilichonse pachokha kuchokera pa mndandanda uli pamwambapo. Chikumbutso choikidwa pa 29 nachonso chiyeseni popita ku Febuluwale wa chaka chotsatira, chifukwa mapulogalamu ena amachisunthira pa tsiku loyandikana, ena sachionetsa mpaka patapita zaka zinayi.

Alembi a masukulu, mipingo ndi maofesi amene amagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets angalembe chaka m'kabokosi ka A2, ndipo m'kabokosi kena alembe izi:

```
=DATE(A2,3,0)-MOD(WEEKDAY(DATE(A2,3,0)),7)
```

Gawo la `DATE(A2,3,0)` limapempha tsiku la 0 la Malichi, limene pulogalamu imalitenga ngati tsiku lomaliza la Febuluwale, ndiye imasankha yokha pakati pa 28 ndi 29. Gawo lotsalalo limachotsa masiku omwe aja tinachotsa ndi pensulo, 0 pa Loweruka, 1 pa Lamulungu, mpaka 6 pa Lachisanu. Mukaona nambala yaitali m'malo mwa deti, kabokosiko sikanaikidwe kuti kazionetsa madeti. Sinthani kaonekedwe kake kukhala `Date`. Yesani kaye ndi 2020 ndi 2025. Ngati mwalemba bwino, ikupatsani 29 Febuluwale pa choyambacho ndi 22 Febuluwale pa chachiwiricho.